Mipando itatu mu shopu yathu: wa bwana, wa neti ndi wa kwa kalipentala

Shopu yathu ili pa boma pano pa Mangochi. Timataipa makalata, kupulinta ndi kuchita fotokope. Pa kompyuta timasinthana awiri, ine ndi alamu anga, ndipo nyengo ya mayeso ikafika munthu amatha kukhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. M'zaka zochepazi takhalira mipando itatu yosiyana. Iwiri inabwera ndi kapepala kolembedwa mawu akuti "ergonomic", wachitatu unachokera kwa kalipentala wopanda kapepala kalikonse. Ambiri mwa inu mumawaona mawu amenewa pa zithunzi za mipando zomwe ogulitsa amatumiza pa WhatsApp, ndiye ndati ndifotokoze zomwe tapeza.

Mawuwo anachokera ku Chigiriki: chigawo choyamba chimatanthauza ntchito, chachiwiri malamulo. Amene amadziwika kuti anayamba kuwalemba ndi katswiri wa ku Poland, Wojciech Jastrzębowski, mu 1857. Lero ndi dzina la maphunziro okhudza kukonza zipangizo ndi malo a ntchito kuti zigwirizane ndi thupi la wozigwiritsa ntchito. Ndiye kunena mwachindunji, mpando pawokha sungakhale woyenera aliyense. Umayenera munthu wakutiwakuti, pa desiki yakutiyakuti. Koma fakitale yolemba kapepalako sikudziwani inu, sidziwanso desiki yanu, ndipo sikakamizidwa kukhoza mayeso alionse isanalembe mawuwo. Chomwe chimakhala ndi tanthauzo pang'ono ndi nambala ya muyezo, monga EN 1335 ya ku Ulaya, yomwe imanena za miyeso ndi chitetezo cha mpando wa mu ofesi, kapena ANSI/BIFMA X5.1 ya ku America, yomwe imayesa makamaka kulimba. Ngakhale zimenezo, inki ndi yotchipa. Pa mipando yathu iwiri ija panalibe nambala iliyonse.

Woyamba kugula unali uja timautcha wa bwana: waukulu, wakuda, wotsamira mpaka kumutu, wokutidwa ndi chikopa cha pulasitiki. Ndinaugula ku Limbe nditangoukhalira mphindi ziwiri m'sitolo, ndipo ndivomere, unandikopa ndi maonekedwe. Kasitomala akalowa ankaona kuti pano pali ofesi. Ine unandikwana bwinobwino. Alamu anga sipanathe mwezi anayamba kudandaula dzanzi m'miyendo ndi kuwawa kwa mapewa. Ndinkati mwina ndi kutopa chabe, mpaka tsiku lina ndinawayang'ana akutaipa. Anali atakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, msana uli pa mphepo, zala za kumapazi zokha zikugunda simenti, mapewa atakwera ngati munthu wozizidwa. Chotsamira chachikulu chija chinali kumbuyo uko, chopanda ntchito.

Tinatenga tepi ya telala n'kuyamba kuyeza, ndipo apa ndi pomwe nkhani yonse yagona. Miyeso ndi itatu basi. Munthu akhale pa chinthu cholimba, mapazi atapondetsa pansi ndi nsapato zomwe amavala ku ntchito. Yezani kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo. Yezani kuchokera pomwe wakhalapo kufika pa chigongono, mapewa ali omasuka. Kenaka yezani kuchokera kumbuyo kwa matako kufika kuseri kwa bondo.

Alamu anga ndi aafupi, masentimita 155. Muyeso woyamba unatuluka 39, wachiwiri 22, wachitatu 45. Kutanthauza kuti akakhala bwino, mapazi pansi, zigongono zawo zimakhala pa 61 kuchokera pa simenti. Desiki yathu ndi 75, monga madesiki ambiri omwe amagulitsidwa. Kusiyana kwake ndi masentimita 14, ndipo masentimita amenewa ayenera kulipidwa penapake. Akatsitsa mpando, amalipira mapewa chifukwa manja akukwera kukafika pa kiyibodi. Akaukweza, imalipira miyendo chifukwa ikulendewera, ndipo mlomo wa mpando ukudinda pansi pa ntchafu. Dzanzi lija linkachokera pamenepo.

Mpando wa bwana ukatsitsidwa mpaka mapeto unkaima pa 47, ndiye mapazi awo sakanafika pansi zivute zitani. Choipa kwambiri chinali kuya kwa pokhalira, masentimita 49 kuchokera pa chotsamira kufika kutsogolo, pomwe ntchafu zawo ndi 45. Akati atsamire, mlomo wa mpando unkawalowa kuseri kwa mawondo. N'chifukwa chake ankathawira kutsogolo. Ine ntchafu zanga ndi 52, pankatsala mpata wa zala ziwiri, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira: zala ziwiri kapena zitatu pakati pa mpando ndi kuseri kwa bondo. Mpando umodzi, kapepala kamodzi, wina ukumukomera, wina ukumupweteka. Zoikapo mikono zake zinali zosasuntha, ndipo zinkagunda desiki, moti ngakhale ine ndinkalephera kuyandikira kiyibodi.

Za chikopa chake ndisachedwepo, aliyense wa kuno akudziwa Okutobala wathu. Pofika masana malaya amamatirira kumsana. Patapita nthawi chikopacho chinayamba kung'aluka ndi kusupuka, tizidutswa takuda tikumata pa zovala. Chikopa cha pulasitiki sichigwirizana ndi thukuta ndi kutentha.

Wachiwiri ndi wa neti kumsana. Tinaugula wogwiritsidwapo kale ntchito kwa anthu omwe ankatseka ofesi yawo. Sooneka wapamwamba, koma pansi pake pali zogwirira zitatu, ndipo ine masiku ano ndimawerenga zogwirira osati kapepala. China chimakweza ndi kutsitsa mpando, kuyambira 43 mpaka 53. China chimamasula chotsamira kuti chizigonera kumbuyo pang'ono kapena kuchikhoma pamalo amodzi. Chachitatu ndi chozungulira chija cha pakati, chomwe ambiri sachikhudza n'komwe: chimalimbitsa kapena kufewetsa sipuling'i molingana ndi kulemera kwa munthu. Wopepuka akapeza kuti chotsamira sichikugonja, kapena wolemera akaona ngati akugwa chagada, vuto limakhala pamenepo. Kumsana kuli kachidutswa kokwera ndi kutsika, komwe kamayenera kulowa pomwe msana umapindikira mkati, pamwamba pang'ono pa lamba. Kakakhala pansi kwambiri kamakankha matako, kakakwera kamabaya nthiti, ndipo pamenepo bola kukadapanda.

Pokhalira pake ndi 42, ndiye alamu amatsamira n'kutsala zala ziwiri. Koma taonani, ngakhale mpando uwu sunathetse masentimita 14 aja. Tinaukweza mpaka 53 kuti zigongono zifanane ndi desiki, 53 kuphatikiza 22 kukwana 75, ndipo miyendo inalendewerabe. Chomwe chinamaliza nkhani ndi kabokosi ka matabwa kotalika masentimita 14 koti azipondapo. Dzanzi linasiya sabata yomweyo.

Wa neti uli ndi matenda ake. Neti yotchipa imalendera, ndipo mudzadziwa mukayamba kumva felemu ya pulasitiki ikukugundani kumsana. Mchenga womwe makasitomala amalowa nawo kumapazi umadzaza m'matayala, pamodzi ndi ulusi ndi tsitsi, mpaka matayala amasiya kuzungulira n'kumangokwekwereza pa simenti. Matayala ambiri amazuka ukawakoka ndi mphamvu, ndiye timawatsuka ndi kuwabwezera. Vuto lalikulu ndi pampu ya pansi, ija imakweza ndi kutsitsa mpando. Mkati mwake muli mpweya wopanikizidwa, ndipo labala yotsekera ikatha mpando umayamba kutsika wokha. M'mawa muli pamwamba, pofika nthawi ya nsima chibwano chayandikira desiki. Wathu unatero. Pampu imeneyi sipopedwanso, imangosinthidwa, ndipo musayese kuiboola kapena kuiwotcha. Podikira yatsopano tinadula paipi ya madzi ya pulasitiki mulingo womwe tinkafuna, n'kuing'amba m'litali, n'kuiveka pa chitsulo chonyezimiracho. Mpando sutsikanso, koma susinthikanso, ndiye ubwino womwe tinaugulira umakhala waima kaye.

Wachitatu tinakhometsa pa nthawi yomwe pampu inatha. Ndinapita kwa kalipentala ndi kapepala ka miyeso ya alamu. Anakayang'ana n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mukufuna mpando kapena diresi?" Ndinawafotokozera kuti pokhalira pakhale 41 kuya kwake, kutalika 51 kuti ndi siponji yolimba yophwanyika pansi pa munthu ifike 53, chotsamira chipendekere kumbuyo pang'ono osati chilili ngati benchi ya ku tchalitchi, ndipo mlomo wa kutsogolo aupale ukhale wozungulira. Iwo anaonjeza nzeru yawo, thabwa lopingasa lopondapo, ngati la pa mipando yaitali ya m'malo omwera. Poyamba ndinkafuna kudula miyendo ya desiki kuti itsike kufika 61, koma anandiletsa. "Desiki yanuyo ili ndi dilowa pansi. Mukaitsitsa, ntchafu za mayiwo zilowa pati?" Ananena zoona, sindinaganizeko.

Mpando wa matabwawu suopa mchenga kapena kutentha, ulibe pampu yoti ithe, ndipo ukagwedera guluu ndi misomali zilipo pomwepo. Alamu amati pa kutaipa kokha sausiyanitsa ndi wa neti. Kusiyana kumabwera madzulo. Sugonja ukatsamira, suzungulira, ndiye potembenukira ku pulinta munthu amapotoza chiuno kapena kudzuka. Iwo amati kudzukako kumawathandiza, ndipo sindikutsutsa, chifukwa palibe mpando mwa itatuyi womwe tinakhalapo maola atatu osadzuka msana osalankhula. Koma ndi wa munthu mmodzi. Ine ndikakhalapo ntchafu zimatsala panja masentimita 11, mawondo akugunda desiki.

Ndiye kwa ine zili chonchi. Ngati mumasinthana pa desiki imodzi, anthu osiyana msinkhu, gulani wosinthika, ndipo wa neti wakale wa zogwirira zogwira ntchito umaposa wa bwana watsopano. Ngati muli nokha ndipo ndalama ndi zochepa, kalipentala ndi tepi akukwanirani. Wa bwana ndingauvomereze kwa munthu wamtali, wa mu ofesi yozizira, yemwe ntchito yake yambiri ndi kulandira alendo osati kutaipa. Ululu womwe ukutsikira m'mwendo kapena wosasiya ngakhale mutagona si wa mpando ayi, umenewo pitani nawo kuchipatala.

Popita kukagula nyamulani tepi ndi manambala anu atatu aja, komanso kutalika kwa desiki yanu. Tsitsani mpando mpaka mapeto muyeze mutaukhalira, chifukwa siponji imaphwanyika. Werengani miyendo ya pansi, ikhale isanu, ya inayi imagubuduka msanga ukaweramira kutsogolo. Khalanipo mphindi khumi kapena kuposa, ngakhale wogulitsa akuyang'aneni ndi diso lofiira. Akakuuzani kuti sungatsegulidwe mu katoni, ine pamenepo ndimatsanzika.

Wa bwana uja tinauphimba ndi chitenje, uli pakona pafupi ndi chitseko. Makasitomala odikira fotokope amaulimbirana.