Wogulitsa anandikwiyitsa, koma nkhani ya roboti ija ndi yabwino

Ndiyambe ndi wogulitsayu. Mtengo wake pa kankhani kafupi chonchi si wochepa, ndiye ndalipira n'kunditumizira fayilo yoduka, mapeji awiri omaliza mulibe. Ndinalemba mauthenga katatu, ananditumizira fayilo yathunthu patapita masiku anayi opanda ndi pepani yemwe. Ndinayamba kuwerenga mtima uli kale m'mwamba, ndikufuna zoti ndinyoze.

Nkhani yake ndi ya mayi wina, teknishani wa shifiti ya usiku m'nyumba yosungiramo katundu. Roboti yake inazolowera kunyamula makatoni, ndiye kwabwera maphukusi atsopano a pulasitiki yakuda yonyezimira, ofewa, ndipo ikungowasiya akudutsa pa lamba woyendetsa katundu. Apa wolembayo sananame, ine ndagwirapo ntchito pafupi ndi makina otere, pulasitiki yakuda yonyezimira imasokonezadi kamera yoyeza kutalika kwa zinthu, komanso kalabala koyamwa ka kumapeto kwa mkono wa roboti sikagwira bwino pamene pakwinyika.

Pamene ndinasiyira mkwiyo ndi pa thileyi. Mayiyu akujambula zithunzi 200 zophunzitsira roboti maphukusi atsopanowa, chilichonse akuzunguliza phukusilo ndi kabokosi pa kompyuta n'kulemba dzina lake, 40 akuziika padera zoyesera. Mayeso roboti yakhoza pafupifupi zonse, iye wasangalala. Koma atabweza phukusi pa lamba, roboti ili duu. Akuyesanso, duu. Kenaka mwangozi akusiya thileyi yabuluu yopanda kanthu pansi pa kamera, mkono uja n'kutsika kukayamwa thileyi yopanda kanthuyo! Zithunzi zonse 200 anajambulira pa thileyi imodzimodziyo, ndiye roboti inaphunzira thileyi osati phukusi, ndipo mayeso sakanaulula chifukwa zoyesera zija zinalinso ndi thileyi yomweyo. Ndinaima kaye kuwerenga, chifukwa zimachitikadi choncho ndipo munthu umayamba waganiza kuti kamera yafa.

Zimene akuchita pambuyo pake ndi zimene ndikanachita ine. Akujambulanso maphukusi ali pa lamba weniweni, ena opindika, ena osanjikizana, ena chizindikiro chili pansi, n'kuonjezera zithunzi za thileyi yokha kuti roboti idziwe kuti apa palibe chonyamula. Wolembayo sakuthamanga, ukumva kutopa kwa mayiyu cha m'ma 3 koloko m'bandakucha ali yekha ndi phokoso la lamba.

Chimodzi chokha sindinagwirizane nacho. Kumapeto roboti ikuyamba ntchito m'mawa womwewo popanda wina kuyesa, chonsecho zithunzi zonse ndi za magetsi a usiku, dzuwa likalowa pa chitseko chotsitsira katundu pulasitiki ija imanyezimira mosiyana. Pamenepo wolemba anafulumira.

Nkhaniyi nyenyezi zinayi. Wogulitsayu imodzi, ndipo mukagula kwa iye muyambe mwaona ngati peji lomaliza lilimo.