Miyezi 16 ndi maswichi atatu a m'sitaki, ndi tsiku limene imodzi inafa

"Achimwene, maswichi anu a netiweki aja munawalumikiza kukhala chinthu chimodzi akugwirabe bwino? Wogulitsa akundiuza kuti ndikagula a sitaki, imodzi ikafa palibe amene angadziwe n'komwe. Ndikhulupirire, kapena ndingogula oima paokha?"

Achimwene, mukanandifunsa mu Disembala ndikanati gulani musachedwe. Mukanandifunsa mu Febuluwale, mwina ndikanakuuzani zoti musayese dala. Pano mtima watsika, ndiye mundilole ndifotokoze momwe zinayendera.

Athu ndi a kampani ya Cisco, mtundu wa Catalyst 9300, atatu, iliyonse ya mapoti 48 opereka magetsi ku mafoni a pa desiki ndi makamera. Kumbuyo kwake alumikizana ndi zingwe zonenepa za sitaki: yoyamba kupita ku yachiwiri, yachiwiri ku yachitatu, yachitatu n'kubwerera ku yoyamba, kuti pakhale mkombero wotseka. Zingwe ziwiri ndi za masentimita 50, chobwerera pamwambacho ndi cha mita imodzi. Mtunduwu umalola maswichi asanu ndi atatu mu sitaki imodzi, ife tinalekera pa atatu.

Zimene zimagwira sindichulukitsa. Adiresi ndi imodzi, malo olowera ndi amodzi, ndikasintha kanthu ndimasintha kamodzi. Poti iliyonse ili ndi dzina loyamba ndi nambala ya swichi yake, moti `GigabitEthernet2/0/14` ndi poti ya 14 pa swichi yachiwiri, sindisokoneranso. Chimene chimandiwawa pang'ono n'chakuti pulogalamu ya mkati ikafuna kusinthidwa, onse atatu amazima ndi kuyakanso limodzi, ndiye ntchito imeneyo ndimagwira Loweruka madzulo anthu ataweruka.

Mu sitaki, swichi imodzi ndiyo imalamulira, pa sikirini imaoneka ngati `Active`. Ina imakhala `Standby`, imatsatira zonse zimene yolamulayo ikudziwa kuti itenge mpando nthawi iliyonse. Zotsala ndi `Member`. Ine ndinasankhiratu: yoyamba ndinaipatsa mulingo wa 15, womwe ndi wapamwamba kwambiri, yachiwiri 14, yachitatu 13. Mukapanda kusankha, onse amakhala pa 1, ndipo mpando umagwera imene yagwera.

Tsono mu Januwale, Lachitatu masana, kunagwa chimvula cha mabingu. Mphenzi sinagwe pa nyumba yathu, koma inagwa pafupi, ndipo mphamvu yake inalowera pa chingwe cha kamera ya pa geti, chimene chimayenda panja mamita ambiri n'kukathera pa swichi yoyamba. Nditalowa m'kachipinda ka maseva ndinamva kafungo ka pulasitiki yopserera. Swichi yapamwamba inali bii, popanda nyali ngakhale imodzi. Ziwiri zapansi zinkaphethira monga mwa masiku onse.

Apa ndi pamene mawu a wogulitsa wanu ali oona theka. Imene inafayo ndi yolamula yeniyeni, koma anthu amene anali pa swichi yachiwiri ndi yachitatu sanazindikire kanthu. Mayi wina wa ku ofesi ya malonda anali pa foni nthawi imeneyo ndipo foni yake sinaduke. Yachiwiri inatenga ulamuliro yokha, patapita mphindi zochepa yachitatu n'kukhala `Standby`. Njira yopita ku rauta inapulumukanso chifukwa ndinaika zingwe ziwiri, china pa swichi yoyamba china pa yachitatu, n'kuzimanga kukhala `Port-channel1`. Chimodzi chitafa, zonse zinadutsa pa chinzake. Zingwe zonse ziwirizo zikanakhala pa swichi imodzi, ofesi yonse ikanakhala chete ngakhale sitaki ili moyo. Pamenepo ndinakondwa kwambiri, ndipo ndimakondwabe.

Theka linalo ndi ili. Mapoti 48 a swichi yakufayo anafa nayo limodzi, ndipo palibe sitaki imene ingawadzutse. Makompyuta, mafoni, makamera, mapulintala awiri, zonse zimene zinali pamenepo, 39 pamodzi, zinangoti zii. Choipitsitsa, seva ya akaunti inali ndi chingwe chimodzi chokha, pa `GigabitEthernet1/0/5`. Kulakwa kumeneko ndi kwanga. Sevayo ili ndi mapoti awiri, ndipo ndinkangoti ndidzalumikiza lachiwirilo mawa. Inali sabata yokonza malipiro, ndipo bambo wa akaunti anaima pakhomo pa kachipindako ndi fayilo m'manja, osayankhula, kungondiyang'ana ndikutsata zingwe.

Kusamutsa zingwe sikungozula n'kubaya pena ayi. Makonzedwe a poti amatsata nambala ya swichi, ndiye poti yopanda kanthu pa swichi yachitatu sidziwa kuti seva ya akaunti imakhala m'chigawo chiti cha netiweki. Mwayi wake, makonzedwe a swichi yakufa samachoka. Yolamula yatsopano imawasunga onse, ndipo ndinkatha kuwerenga poti iliyonse n'kukopera ku ina. Koma mapoti opanda kanthu pa ziwiri zotsalazo analipo 21 okha. Zida 18 zinasowa pokhala. Makamera ena ndinawasiya ozima, ena a mu ofesi ndinawaika pa kaswichi kakang'ono kobwereka. Musanagule, werengani mapoti otsala ndipo mudzifunse kuti swichi imodzi ikachoka, ndani adzakhale panja.

Pali china chimene ndinatsala pang'ono kuchiphonya. Madzulo ake, zonse zitakhazikika, ndinalemba izi:

```
show switch
show switch stack-ports
show switch stack-ring speed
```

Lamulo loyamba linaonetsa swichi 1 ili `Removed`, zimene ndinkayembekezera. Lachitatu ndi limene linandidzidzimutsa: mkombero unali `Half`, liwiro `240G` m'malo mwa `480G`. Liwirolo silinandidetse nkhawa, ofesi yathu sifika n'komwe pafupi ndi pamenepo. Nkhawa inali yakuti zingwe ziwiri mwa zitatu zija zinkathera pa swichi yakufa, kotero yachiwiri ndi yachitatu zinkagwirana ndi chingwe chimodzi basi. Chikanati chimasuke, iliyonse ikanaganiza kuti inzake yafa, zonse ziwiri n'kukhala `Active`, zonse ndi adiresi yomweyo ndi makonzedwe omwewo. Vuto lotere ndi lozunza kuposa swichi yozimiratu, chifukwa nyali zonse zimayaka koma netiweki imagwira mwa apo ndi apo. Ndinamasula mutu wa chingwe cha mita imodzi chija pa swichi yakufa, n'kuubaya pa poti ya sitaki imene inatsala yopanda ntchito pa yachiwiri, n'kumanga timasikuluwu take ndi zala mpaka kulimba. Nditafunsanso, mkombero unabwerera pa `Full`. Ntchito ya mphindi zisanu, koma inatiteteza masabata onse amene tinadikira.

Ndipo tinadikiradi. Wogulitsa anati waranti sikhudza mphenzi. Zimenezo sindinatsutse, zinalembedwa, ndiponso ndine amene sindinaike choteteza pa chingwe cha panja. Chimene chinandipweteka n'chakuti pogula paja anatilonjeza pakamwa kuti amasunga ina yapadera ndipo ikafa adzabweretsa m'masiku awiri. Itafa, yapaderayo kunalibe. Kenako nkhani inakhala ya ndalama zakunja zimene sizikupezeka, kenako ya katundu amene ali m'njira. Koteshoni inasintha kawiri, ulendo uliwonse kukwera. Masabata 11. M'masiku amenewo ndinkadana nayo sitakiyo, chifukwa siilola kuti mungotenga swichi iliyonse ya m'sitolo n'kuikapo. Imafuna ya banja lomwelo, ndipo kuti makonzedwe akale abwerere bwinobwino pa mapoti ake, ikhale ya mtundu womwewo ndi nambala yomweyo. Munthu umakhala womangika kwa wogulitsa mmodzi amene angaipeze.

Itafika, mnyamata amene anabwera nayo ankafuna kuiyatsa kaye "tione ngati ikugwira", kenako abaye zingwe za sitaki ili chiyakire. Ndinamupempha kuti adikire. Swichi ikayaka yokha imadziika kukhala `Active` wa sitaki yakeyake. Mukailumikiza ili moyo, olamula awiri amakumana, wa mulingo wapamwamba amapambana, ndipo mbali yogonja imazima n'kuyakanso ikutsata makonzedwe a wopambanayo. Ndinaiika pa tebulo payokha, n'kulowa ndi chingwe cha konsolo. `show switch` inaonetsa mulingo wa 15.

Ndinakhala kaye pansi. Swichi yatsopano yochoka m'bokosi imakhala pa 1. Iyi inali itagwirapo ntchito kwina, wina anafufuta makonzedwe ake, koma mulingo ndi nambala ya swichi sizichoka ndi kufufuta kumeneko, zimasungidwa padera. Yathu yolamula inali pa 14. Akanabaya zingwe zija, yobwerayo, yopanda makonzedwe alionse athu, ikanatha kupambana, ndipo ofesi yonse ikanazima masanasana n'kudzuka yosadziwa kanthu. Zimene mphenzi inalephera zikanachitika ndi manja athu.

Ndinaitsitsa mulingo ndi `switch 1 priority 1`, ndinatsimikiza kuti nambala yake ndi 1, n'kuizimitsa. Loweruka ndinaimanga m'malo mwake, ndinabwezera zingwe za sitaki monga zinalili poyamba, kenako ndi pamene ndinailumikiza ku magetsi. Inayaka koma inaima pa `V-Mismatch`, kutanthauza kuti pulogalamu yake ya mkati inali yosiyana ndi ya anzake. Lamulo la `install autoupgrade` pa yolamula linaikopera yoyenera, inayakanso, ndipo itafika pa `Ready` mapoti ake onse 48 anatenga makonzedwe akale okha, kuphatikizapo mayina amene ndinalemba pa poti iliyonse. Sindinalembe mzere ngakhale umodzi. Mkwiyo wanga wonse unasungunuka usiku umenewo. Ulamuliro sinaulande, yachiwiri ndi imene ikulamulabe mpaka lero, ndipo ndaisiya choncho.

Lolemba ndinapita kwa wogulitsa ndi chithunzi cha sikirini ija. Invoisi inalembedwa ngati swichi yatsopano. Poyamba anakana, kenako anavomera kuti ndi yokonzedwanso, ndipo titakambirana kwa sabata anachotsako gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo. Waranti anapereka ya miyezi isanu ndi umodzi yokha. Tikawonkhetsa swichiyo, zoteteza ku mphenzi zimene ndaika pa zingwe zonse za panja, ndi kamera ya pa geti imene inapsanso, bilu ya chaka chino yapitirira gawo limodzi mwa atatu a ndalama zimene tinagulira sitaki yonse.

Kwa ofesi yanu ya anthu 30, achimwene, ine ndingagule awiri a sitaki pokhapokha ndalama zikukwanira kuti theka la mapoti likhale lopanda kanthu, komanso rauta ndi seva iliyonse zikhale ndi chingwe pa swichi zonse ziwiri. Zikapanda kukwanira, gulani oima paokha otsika mtengo, atatu, imodzi ikhale m'kabati. Ndipo wogulitsa wanuyo mumupemphe alembe pa koteshoni masiku amene adzabweretse yolowa m'malo, ngati idzakhale yatsopano kapena yokonzedwanso, ndi mtengo wake. Wathu ndamupempha zomwezo za chaka chamawa, ndipo papita masabata atatu asanayankhe.