Yoitanitsa ku Japan kapena yogula konkuno ku Mzuzu: ndalama zimathera pati?

Ine ndi mlamu wanga tidagula magalimoto athu oyamba chaka chimodzi, aliyense ali ndi ndalama pafupifupi K12 miliyoni. Iye adaitanitsa Vitz ku Japan, ine ndidagula Passo kwa munthu wina wa ku Luwinga, ya manambala kale. Tonse awiri tidapitirira pa ndalama zomwe tidakonza, kungoti zidatithera malo osiyana.

Yoitanitsa imakopa chifukwa mtengo woyamba kuuona umakhala wotsika. Koma umenewo nthawi zambiri ndi wa galimoto ili chiimire ku Japan. Funsani wa CIF, womwe umaphatikiza sitima ndi inshuwalansi yapanyanja mpaka pa doko la Dar es Salaam. Ikatsika pamenepo pali za padoko, za ejenti, za dalaivala ndi mafuta odutsira Tanzania yense kufika pa Songwe. Kenako msonkho wa MRA, womwe umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwira. Munthu amasankha yakale poti ndi yotchipa, osadziwa kuti ukalamba womwewo ndi umene ukweze msonkho. Musanatumize dola ndi imodzi yomwe, tengani chaka chake ndi kukula kwa injini, mukafunse msonkho wake kwa ejenti kapena ku MRA komweko.

Chomwe chidamupweteka mlamu wanga n'chakuti zambiri mwa izi zimawerengedwa m'madola, pomwe malipiro ake ndi a makwacha. Galimoto imatha milungu ingapo ili m'njira, ndipo kwacha siidikira munthu. Amene adali ndi galimoto panyanja mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, akuikumbukabe. Mlamu wangayo sidamugwere yotero, koma ndalama ya msonkho idaperewerabe, galimoto n'kugona pa boda masiku angapo akuthamangira ngongole. Itafika, adapeza kuti yavala matayala a nyengo yachisanu, ofewa aja, omwe pa phula lathu lotentha sachedwa kutha.

Yanga inalibe zonsezi. Ndidaiona ndi maso, n'kuiyesa mpaka ku Ekwendeni, tidamvana pa K10.5 miliyoni, ndidapita nayo kunyumba tsiku lomwelo. Ndinkadziona wochenjera, poti K1.5 miliyoni idatsala.

Idatsala mwezi umodzi wokha. Kusintha umwini ku Road Traffic ndi inshuwalansi ndinkaziyembekezera, ndipo sizidandidabwitse. COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndiye idaulula zonse. Matayala awiri adali ataperepeseka mkati, kunja akuoneka bwinobwino, chifukwa mabushi akutsogolo adali atatha. Mwini wake woyamba ankakhala kumene msewu wake ndi wa dothi, ndipo aliyense wodziwa misewu ya ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo nthawi ya dzinja akudziwa zomwe maenje amachita ku miyendo ya galimoto yaing'ono. Matayala, mabushi ndi mabuleki zidadya pafupifupi K800,000. Batire lidafa m'mawa wina wozizira mu Juni. Oyilo wa giyabokosi adali wakuda bii, wonunkha kupserera, ndipo wa mtundu umenewo si woti mungothiramo aliyense wopezeka pamsika.

Chikhala kuti ndidapita ndi makaniko wanga, osati yemwe adabwera ndi wogulitsa, akadaikweza pa jeke, kugwedeza matayala, kusuzumira oyilo, ndipo zonsezo ndikadazichotsera pa mtengo. Onetsetsaninso kuti nambala ya chasesi ikufanana ndi ya pa bulubuku, komanso kuti dzina la pa bulubuku ndi la amene akukugulitsaniyo.

Mafuta sasankha kuti galimoto idachokera kuti. Ine ndimayenda makilomita 30 pa tsiku, masiku 26 pa mwezi, ndiye kuti 780. Passo imandipatsa makilomita ngati 13 pa lita m'tauni, kutanthauza malita 60 mwezi uliwonse, ndisanawerengere ulendo wa ku maliro kumudzi. Chulukitsani ndi mtengo wa petulo wa lero muone ngati malipiro akulola.

Mukandifunsa lero, pa K12 miliyoni yomweyo ndingagule ya konkuno yosapitirira K9 miliyoni, zotsalazo zikhale za mapepala, matayala ndi sevisi yoyamba. Yoitanitsa imabwera ili yolimba, ndipo Vitz ya mlamu wanga siipita kwa makaniko kawirikawiri ngati yanga, izo sindingakane. Koma ndi yoyenera munthu amene ndalama ya msonkho ali nayo kale pambali, yoposerapo pang'ono pa yomwe ejenti wanena. Mlamu wanga adamaliza kubweza ngongole ya pa boda ija patatha miyezi isanu ndi umodzi, Vitz ikuyenda Loweruka ndi Lamulungu lokha.