Batire ndi yolimba, koma mauthenga amachedwa mpaka mutaikonza

Foni ya Android imeneyi ndakhala nayo miyezi inayi. Ndinaigula chifukwa cha batire ya 5000mAh, ndipo pamenepo sinandikhumudwitse: magetsi akathima tsiku lonse imafikabe mawa lake. Koma sabata ziwiri zoyamba inandidyetsa mwala. Ine ndimaphika makeke a maoda, ndipo mayi wina analemba pa WhatsApp 10 koloko m'mawa kufunsa keke ya Loweruka. Foni ili phee patebulo. Nditatsegula WhatsApp cha m'ma 3 koloko masana, mauthenga anangokhuthuka onse pakamodzi, mayi uja atapeza kale wina.

Poyamba ndinkanamizira netiweki. Mchemwali wanga ndiye anandionetsa pa foni yake kuti uthenga umene ananditumizira unali ndi kachongi kamodzi kwa ola lathunthu, pamene bandulo ndinali nayo ndipo ma SMS ankalowa bwinobwino. Kachongi kamodzi ndiye kuti uthenga sunafike n'komwe pa foni yanu. Tichongi tikanakhala tiwiri koma foni osalira, vuto likanakhala la ku `Notifications` kapena `Do Not Disturb`, yomwe ndi nkhani ina.

Chimachitika n'chakuti Android, kuyambira pa 6.0, imagoneka mapulogalamu foni ikakhala osaigwira, komabe uthenga wofunika umatha kuidzutsa. Opanga foniyi anawonjezera pawo kapulogalamu kosunga batire komwe sikagoneka chabe, kamatsekeratu. Pulogalamu yotsekedwa choncho siimva kugogoda mpaka mwini wake muitsegule. Batire yotamandika ija chinsinsi chake china n'chimenechi.

Ndinalowa mu `Settings`, kenako `Apps`, n'kusankha WhatsApp, ndipo pa `Battery` ndinachotsa `Optimized` n'kuika `Unrestricted`. Izi zokha sizinakwanire. Panalinso `Auto-start` yobisika m'kapulogalamu koyeretsa foni, ndipo WhatsApp inali yozimitsidwa mmenemo (mafoni ena amalemba `App launch`). Popeza ndimayatsa `Data Saver` kuti bandulo ichedwe kutha, ndinailolanso pa `Unrestricted data`. Ndinasiyanso chizolowezi chosesa mapulogalamu onse ndikamaliza kugwiritsa ntchito foni. WhatsApp ndinaiika kaloko pamndandanda wa mapulogalamu otsegula kuti isamasesedwe nawo.

Poyesa, musatumizirane uthenga foni mutangoitseka kumene, udzafika ndithu ndipo mudzadzinamiza. Ndinaisiya patebulo mphindi 40, yosalumikiza ku chaja, kenako mchemwali analemba. Inalira pompo.

Batire tsopano imatha msangako pang'ono, koma imandifikitsabe usiku. Chimene chikundinyansabe n'chakuti ikatsika kufika pa 20%, `Battery Saver` imadziyatsa ndipo ma imelo amayambanso kuchedwa. Komanso foni italandira `Software update` mwezi watha, `Auto-start` ndinaipeza itazimanso, n'kuyambiranso kukonza.

Ndaipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Mayi anga sindingawagulire, pokhapokha nditaikonza ndekha ndisanawapatse.