Nyimbo ya m'kanema wotsatsa malonda: muitenge kuti?

Tinene kuti mwajambula kanema wa masekondi 20 wotsatsa nsapato, ndipo mukufuna kanyimbo komveka chapansipansi. Yoyamba kubwera m'mutu ndi ija yavuta pakali panoyi, koma msampha uli pomwepo. Nyimbo imakhala ndi umwini pawiri: wa amene anaipeka, ndi wa amene analipira kuti ijambulidwe, ndipo onse awiri ayenera kuvomera. Kulemba dzina la woimba m'munsi mwa kanema si chilolezo, komanso palibe lamulo loti masekondi ochepa ndi aulere. Makina a malo ochezera pa intaneti akaizindikira, kanema wanu akhoza kutsekedwa mawu kapena kuchotsedwa.

Yosavuta ndi nyimbo zomwe eni malo ochezerawo anakonzera amalonda. TikTok ili ndi Commercial Music Library, Facebook ndi Instagram zili ndi Sound Collection. Simulipira kanthu. Vuto lake ndi loti chilolezocho chimathera pakhomo pomwepo. Kanema wa nsapato uja mukamupangira pa TikTok kenako n'kukamuika pa YouTube, nyimboyo yatuluka mumpanda, ndipo Content ID, makina a YouTube ozindikira nyimbo za eni, ikhoza kuigwira.

Nyimbo za Creative Commons, zomwe eni ake amalola anthu kuzigwiritsa ntchito mwaulere potsatira malamulo ena, zimapita kulikonse, koma werengani zilembo za chilolezo chake. CC BY imalola malonda bola mutchule mwini wake, dzina la nyimbo ndi mtundu wa chilolezo. Mukaona NC, monga CC BY-NC, isiyeni, chifukwa ikukana malonda, ndipo kutsatsa nsapato ndi malonda ngakhale pasagulidwe n'imodzi yomwe. Zilembozi zimatanthauza chimodzimodzi pa zithunzi. Chimene chimandidetsa nkhawa panjira imeneyi n'chakuti aliyense angathe kuika nyimbo ya wina pa intaneti n'kulembapo CC BY. Mwini weniweni akatulukira, adzafunsa inu.

Kwa amene amatsatsa sabata ndi sabata, ine ndimati alipire. Makampani ngati Epidemic Sound ndi Artlist amagulitsa zilolezo za pamwezi kapena pachaka. Musanalipire, onani ngati phukusi lanu likulola zotsatsa zolipirira komanso kupangira ena makanema, popeza otsika mtengo nthawi zambiri salola zonsezi. Sungani lisiti ndi kalata ya chilolezo. Makina amagwira ngakhale nyimbo yogula, ndipo pepalalo ndi limene mumayankhira.

Kupempha woimba mwachindunji n'kwabwino ngati nyimboyo anapeka yekha n'kuijambula ndi ndalama zake. Mulemberane: nyimbo iti, pa malo ati, kwa miyezi ingati.

Chizindikiro cha kampani yopanga nsapatozo sichilowa m'zilolezo zonsezi. Chikaoneka pa nsapato yeniyeni imene mukugulitsa, kawirikawiri palibe mlandu. Koma mukachimata chachikulu pakona ya kanema, pafupi ndi dzina la bizinesi yanu, ogula amaganiza kuti kampaniyo inakusankhani kukhala wogulitsa wake. Ngati mulibe kalata yotero, chichotseni kanema asanatuluke.