Galu wandidyera ndalama kuno ku Tete

Abale anga a ku Dedza ndi ku Ntcheu, inu amene mumati mukadzafika kuno mudzakhala m'nyumba ya mpanda, galu wachizungu ali pakhonde, tamvani zimene zandionekera.

Galu wanga ndinamugula ali kamwana, nthawi imene kontirakiti yathu ku Moatize inaima miyezi inayi. Tinkakhalira limodzi ku Matundo usana ndi usiku, kubafa komwe ankandidikira pakhomo. Ntchito itayambanso ndinkanyamuka 5 koloko m'mawa n'kubwera 6 koloko madzulo. Tsiku lachitatu ndinapeza chitseko chitatafunidwa m'munsi, dovu lili pansi, m'kamwa mwa galu muli magazi. Aneba anati amalira tsiku lonse ngati pagwa maliro. Eni nyumba anandilipiritsa metikashi 4,500 ya chitseko, n'kuwonjezera 1,000 pa lendi mwezi uliwonse, zimene sitinapanganepo polowa.

Kenako kunabwera mkulu wina wodzitcha katswiri wa agalu. Anati 6,000, masiku khumi galu akhala atachira. Nditalipira, ndi pomwe kunatulukira 1,800 ya lamba wa m'khosi wogwira ngati magetsi, ndi 700 ya thiransipoti. Kulira kunachepadi, koma galu anayamba kunjenjemera ndi kukodza m'nyumba akangoona nsapato zanga za kuntchito. Mkuluyo mpaka lero foni sayankha.

Amene anandiuza zoona ndi mayi wina, dokotala wa ziweto, ndipo anatenga 500 yokha. Anati, "Achimwene, musiye foni ikujambula, mutuluke theka la ola." Nditaonera, ndinachita manyazi. Pasanathe mphindi imodzi galu anali akuzungulira, akupuma wefuwefu, akukanda chitseko, ndipo nyama imene ndinamusiyira sanaikhudze. Mayiwo anati kusiyana kwake n'kumeneko. Galu wongosowa chochita amadya, amagona, kenako n'kutafuna chilichonse chimene wapeza. Wamantha amayamba mwini wake akangotuluka, amalimbana ndi khomo kapena windo, ndipo chakudya sachifuna. Si mwano, ndi mantha osiyidwa yekha. Kumukwapula madzulo chifukwa cha chitseko cha m'mawa n'kungomuwonjezera mantha, poti iye sangagwirizanitse ziwirizo.

Zimene anandiuza kuchita n'zotopetsa, ndisakunamizeni. Sabata yoyamba ndinkavala majombo ndi chipewa cha kuntchito, kugwedeza makiyi, kenako n'kukhala pansi kumwa tiyi osapita kulikonse, kangapo pa tsiku, mpaka galu anasiya kudzidzimuka nazo. Ndiye ndinayamba kutuluka. Foni inaonetsa kuti amayamba kuvutika pa masekondi 40, choncho ine ndinkabwerera pa 10, asanayambe. Kasanu kapena kasanu ndi kamodzi madzulo alionse, osatsanzika, ndipo pobwera osamunyadira mopitirira. Nthawi ndinkaiwonjezera pokhapokha wakhala phee, komanso ndinkasakaniza, ulendo wina wautali, wina waufupi, kuti asamaone ngati zikungokulirakulira.

Sabata yachitatu tinafika mphindi 20. Apa ndiye ndinapusa. Ndinati wachira, ndinawoloka mlatho wa Samora Machel kukagula zinthu m'tauni, ola lathunthu. Tinabwerera pa mphindi zisanu, ndipo masiku khumi anapita pachabe. Ola ndi theka tinalifika sabata yachisanu ndi chitatu, ndipo kuyambira pamenepo ndinayamba kuwonjezera ndi mphindi 15 kapena 30 nthawi imodzi.

Chimene wodzitcha katswiri uja sananene n'chakuti pa nthawi yonse yophunzitsayo galu sayenera kusiyidwa yekha kupitirira pamene angapirire. Tsiku limodzi la maola 13 limafafaniza ntchito ya sabata. Ndinachita kupempha agogo oyandikana nawo kuti azikhala naye masana, 1,500 pa mwezi. Mwayi wanga unali woti iye bola pali munthu. Kugula galu wachiwiri, monga anzanga ankandilangizira, kawirikawiri sikuthandiza, chifukwa amene akumusowa ndi munthu. Mankhwala alipo, monga fuluokisetini, koma amalemba ndi dokotala, amatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti ayambe kugwira, ndipo kuphunzitsa kuja sikusiyidwa. Za kumutsekera m'kachipinda ka malata musaziganize n'komwe. Mu Okutobala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo galu wopuma wefuwefu ndi mantha mungamupeze atafa.

Nditawerengetsera miyezi itatu, zakwana 18,000, osaphatikiza lendi yowonjezera ija. Ndalama imeneyo ikanagula feteleza ku mudzi. Ngati ntchito yanu ndi ya mashifiti a maola 12, mukukhala nokha m'nyumba ya lendi ndipo palibe wosiyira, galu musagule. Wanga pano amapirira maola anayi, ndipo agogo aja ndikuwalipirabe.