Enalapril akakutsokomoletsani: losartan kapena amlodipine?

Azakhali anga anatsokomola miyezi iwiri atayamba kumwa enalapril wa BP. Chinali chifuwa chouma, chopanda makhololo, chokereketa pakhosi ngati pakodwa kankhusu ka chimanga, ndipo usiku ndiye chinkakula. Anamwa mandimu ndi uchi, anayezetsa TB, koma sanawapeze ndi kanthu.

Gwero lake linali mankhwalawo. Enalapril, captopril, lisinopril ndi anzawo onse othera ndi "pril" amatsekereza ACE, michere ya m'thupi yomwe imapanga anjiyotensini II, wofinya mitsempha ya magazi. Koma ACE yemweyo ali ndi ntchito inanso, yophwanya chinthu china cha m'thupi chotchedwa bradikinini. Akatsekerezedwa, bradikinini amaunjikana m'njira za mpweya n'kumatokosa minyewa yoyambitsa chifuwa. Zimachitikira pafupifupi munthu mmodzi mwa 10, kawirikawiri amayi. N'chifukwa chake kusiya enalapril n'kuyamba captopril sikuthandiza.

Losartan ndiye mlowam'malo wapafupi. Iye sakhudza ACE, amangotseka pamalo pomwe anjiyotensini II amagwira mtsempha, choncho bradikinini amaphwanyidwa monga kale. Ambiri amayambira pa 50 mg kamodzi patsiku. Ubwino wake waukulu ndi woti amateteza impso ndi mtima mofanana ndi enalapril. Koma watengeranso zovuta za m'bale wakeyo: amatha kukweza potaziyamu m'magazi, ndiye pakatha sabata imodzi kapena ziwiri pamafunika kuyeza magazi kuti aone impso. Mayi woyembekezera sayenera kumwa konse, ndipo samwedwa pamodzi ndi enalapril.

Amlodipine ndi wa mtundu wina, amamasula mitsempha mwachindunji. Amayambira pa 5 mg, safuna kuyezayeza magazi, ndipo kwa ife anthu akuda amatsitsa BP bwino kuposa a "pril" akamwedwa paokha. Dandaulo lake ndi kutupa akakolo, makamaka pa 10 mg.

Ine ndimaona kuti funso lenileni ndi lakuti enalapril anakupatsirani chiyani. Ngati ndi BP yokha, amlodipine akukwanira. Ngati pali shuga yemwe wayamba kuwononga impso, kapena mtima wofooka, losartan ndiye woyenera kumufunsa kwa adokotala. Azakhali ali ndi shuga ndipo mkodzo wawo unaonetsa kuti impso zayamba kukhudzidwa, choncho anawapatsa losartan. Chifuwa chinatha patapita masabata atatu. Kwa ambiri chimatha pasanathe mwezi, kwa ena chimafika miyezi itatu.

Musasiye mankhwala panokha, BP ingakwere mwakachetechete. Ndipo chifuwa chopitirira masabata awiri, makamaka chobwera ndi kuwonda, thukuta la usiku kapena magazi, kayezetseni TB kaye. Koma milomo, lilime kapena nkhope zikatupa mukumwa enalapril, musamwenso, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Kutupa kumeneko kumachokeranso ku bradikinini, kumagwira kwambiri anthu akuda, ndipo kumatha kutseka mpweya.